Mphamvu yobwereka ndi mphamvu ya mwini: kumene boma la fedulo limasiyanira ndi boma limodzi

Funso: "Ndinawerenga kuti dziko la United Kingdom ndi la boma limodzi, pamene la Australia ndi la fedulo. Koma Scotland, yomwe ili mkati mwa United Kingdom, ili ndi nyumba ya malamulo yakeyake ndipo imadziikira misonkho ina, pomwe zigawo za ku Australia akuti zimadalira ndalama zochokera ku likulu. Nanga kusiyana kwake kuli pati?"

Mwaona zoona, ndipo chakusokonezani ndi muyezo umene mwatenga. Inu mukuyeza kuchuluka kwa mphamvu zimene chigawo chili nazo lero, pamene ife a zamalamulo timayamba ndi kufunsa kuti mphamvuzo chigawocho chinazitenga kwa yani, ndiponso kuti ndani angachilande popanda kuchipempha. M'dziko la boma limodzi mwini mphamvu zonse ndi boma lalikulu, ndipo zimene zigawo kapena makhonsolo ali nazo ndi zobwereka, ngakhale zitachuluka chotani, chifukwa zinabwera ndi lamulo wamba la nyumba ya malamulo ya ku likulu ndipo lamulo lina lotero likhoza kuzichotsa. M'dziko la fedulo, lomwe ena amalitcha la chitaganya, boma lalikulu ndi maboma a zigawo onse amalandira mphamvu zawo kuchokera ku malamulo aakulu a dziko, ndipo palibe mbali imene ingasinthe yokha mmene mphamvuzo zinagawidwira.

Zimenezi zimamveka ngati nkhani ya m'mabuku chabe kufikira tsiku limene likulu ndi chigawo zayambana. Chigawo cha Northern Ireland, chomwenso chili mu United Kingdom, chinali ndi nyumba ya malamulo yake kuyambira mu 1921, chinali ndi nduna yaikulu yake, nduna zake ndi apolisi ake, ndipo kwa zaka 50 aphungu a ku London sankalowerera kwenikweni pa zochitika za kumeneko. Munthu wongoyang'ana akanati dzikolo ndi la fedulo. Koma lamulo la mu 1920 limene linakhazikitsa nyumbayo linali ndi ndime yonena kuti ulamuliro wa nyumba ya malamulo ya ku London udzakhalabe pamwamba pa anthu ndi zinthu zonse za kumeneko. Ziwawa zitakula, makamaka asilikali atawombera anthu ochita zionetsero mu mzinda wa Derry mu Januwale 1972, nduna yaikulu ya ku London, Edward Heath, inafuna kutenga ulamuliro wa zachitetezo m'manja mwa chigawocho. Mtsogoleri wa chigawocho, Brian Faulkner, anakana ndipo anasankha kutula pansi udindo pamodzi ndi nduna zake. Mwezi wa Malichi chaka chomwecho usanathe, aphungu a ku London anali atavomereza kale lamulo loimitsa nyumba ya malamulo ya chigawocho, nduna imodzi yochokera ku London inayamba kulamulira, ndipo mu 1973 nyumbayo inathetsedweratu. Panalibe riferendamu yofunsa anthu ngati nyumbayo ithe, panalibenso khoti limene likanaletsa, pakuti palibe lamulo limene linaphwanyidwa. Mwini khasu anangobwera kudzatenga khasu lake.

Scotland ili pa maziko omwewo. Nyumba yake ya malamulo inayamba ntchito mu 1999 potsatira lamulo la mu 1998, ndipo mphamvu zake n'zazikulu ndithu, chifukwa imayendetsa zaumoyo, maphunziro ndi apolisi, komanso imaika yokha mlingo wa msonkho wa pa malipiro. Koma lamulo lomwelo limanena poyera kuti nyumba ya ku London sinataye mphamvu yake yopangira Scotland malamulo. Pali mwambo wakuti London nthawi zambiri sidzapanga lamulo pa nkhani zimene inapereka kale ku Scotland popanda chilolezo cha nyumba ya kumeneko, koma khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 2017 kuti mwambowo ndi wa ndale ndipo makhoti sangakakamize aliyense kuutsata. Ndikuvomereza kuti boma limene lingayese kutseka nyumba ya malamulo ya Scotland lero lingadziputire mavuto aakulu a ndale, ndipo lamulo la mu 2016 linaonjeza lonjezo lakuti nyumbayo sidzathetsedwa anthu ake asanafunsidwe pa riferendamu. Komabe lonjezo limenelo nalonso ndi lamulo wamba, lomwe aphungu ochuluka a ku London angalisinthe.

Tsopano taonani mmene zimakhalira kumene zigawo ndi eni ake. Ku Germany, kumene kuli zigawo 16, boma la mzinda wa Berlin ndi la chigawo cha Brandenburg chimene chauzungulira anagwirizana zophatikizana, ndipo nyumba za malamulo za mbali zonse ziwiri zinavomereza. Mu Meyi 1996 nkhaniyo inapita kwa ovota. A ku Berlin ambiri anavomera, a ku Brandenburg ambiri anakana, ndipo nkhani inathera pomwepo, moti mpaka lero zigawozo ndi ziwiri. Boma lalikulu linalibe njira yozikakamizira. Malamulo aakulu a Germany sasinthidwa pokhapokha magawo awiri mwa atatu a aphungu avomereze, ndiponso magawo awiri mwa atatu a mavoti a mu Bundesrat, yomwe ndi nyumba ya nthumwi za maboma a zigawo, ndipo pali ndime yoletseratu kusintha kulikonse kothetsa kugawika kwa dziko m'zigawo. Ku United States kusintha kumafuna kuti zigawo 38 mwa 50 zivomereze. Ku Australia kumafuna riferendamu imene ovota ochuluka a dziko lonse avomera, komanso ovota ochuluka m'zigawo zinayi mwa zisanu ndi chimodzi, ndipo pa mafunso 45 amene afunsidwa kuyambira pamene dzikolo linapangidwa mu 1901, asanu ndi atatu okha ndiwo anadutsa.

Sindikufuna muganize kuti maiko onse amalowa bwino m'magulu awiriwa. India ndi la fedulo pa zinthu zambiri, koma ndime 3 ya malamulo ake aakulu imalola nyumba ya malamulo ya ku likulu kudula chigawo kapena kusintha malire ake ndi lamulo wamba, bola nyumba ya chigawocho ipatsidwe mwayi wonena maganizo ake. Maganizowo samanga munthu manja. Mu 2014 nyumba ya malamulo ya chigawo cha Andhra Pradesh inakana bilu yochigawa pawiri, koma chigawo chatsopano cha Telangana chinabadwabe mu Juni chaka chomwecho. Chifukwa cha zotere, dzina limene dziko limadzitcha silikwanira kutiuza zoona, ndipo n'kofunika kuwerenga ndime zenizeni.

Za mmene ntchito zimagawidwira papepala ndidutsapo msanga. Pafupifupi kulikonse boma lalikulu limatenga asilikali, ubale ndi maiko ena, ndalama ya dziko ndi msonkho wa pa malire, pamene zigawo nthawi zambiri zimatenga masukulu, zipatala, malo ndi misewu ya m'kati. Chimene chimabala milandu ndi mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti nkhani imene olemba malamulo sanaitchule ndi ya yani: ku United States ndi ku Australia zotsala zonse ndi za zigawo, pamene ku Canada ndi ku India ndi za likulu. Lachiwiri ndi lakuti pa nkhani imene onse awiri aloledwa kupangirapo malamulo, lamulo la yani lipambane akasemphana, ndipo yankho pafupifupi kulikonse ndi lakuti la boma lalikulu. Woweruza mikangano yotere ndi khoti lalikulu, ndipo m'kupita kwa zaka oweruza amasuntha malirewo kwambiri ngakhale mawu a malamulo sanasinthe.

Mbali yachiwiri ya funso lanu ndiyo yondisangalatsa kwambiri, chifukwa imasonyeza mmene chigawo chingakhalire mwini mphamvu papepala koma n'kumakhala ngati wopempha. Zimenezi zinachitika ku Australia mu 1942, ndipo n'zoyenera kuzitsata bwinobwino.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, munthu wa ku Australia ankalipira msonkho wa pa malipiro kawiri, ku chigawo chake ndi ku boma lalikulu, lomwe linayamba kutolera wake mu 1915. Chigawo chilichonse chinali ndi mlingo wake, wina wokwera, wina wotsika. Nkhondo itafika pakhomo, mpaka ndege za Japan kuphulitsa mzinda wa Darwin mu Febuluwale 1942, boma la John Curtin linkafuna ndalama zambiri, koma linali ndi chopinga, chifukwa malamulo aakulu amaliletsa kusiyanitsa zigawo poika msonkho. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti vutoli lioneke. Ngati pa ndalama 100 zilizonse munthu angathe kupirira msonkho wa 40, ndipo chigawo china chikutenga kale 25 pamene china chikutenga 10, boma lalikulu silingaike mlingo woposa 15 popanda kufinya anthu a chigawo choyambacho, ndipo likaima pa 15 ndiye kuti anthu a chigawo chachiwiri alipira 25 yokha pamene akanatha kulipira 40. Boma linapempha zigawo kuti zisiye msonkhowo pa nthawi ya nkhondo, zilandire chipukuta misozi, koma zigawo zinakana.

Boma lalikulu linalibe mphamvu yoletsa zigawo kutolera msonkho, ndipo silinayese n'komwe kutero. M'malo mwake nyumba ya malamulo inavomereza malamulo anayi, lililonse looneka ngati lili m'kati mwa mphamvu zake. Loyamba linakweza msonkho wa boma lalikulu kufika pa mlingo wotenga pafupifupi zonse zimene maboma awiriwo ankatenga pamodzi. Lachiwiri linalonjeza thandizo la ndalama kwa chigawo chilichonse chimene sichitolera msonkho wa pa malipiro chaka chimenecho, ndipo linatsamira pa ndime 96 ya malamulo aakulu, yomwe imalola likulu kuthandiza chigawo ndi ndalama pa mfundo zilizonse zimene nyumba ya malamulo yaona kuti n'zoyenera. Lachitatu linati munthu ayambe walipira msonkho wa boma lalikulu asanalipire wa chigawo. Lachinayi linalola likulu kutenga antchito otolera msonkho a zigawo, pamodzi ndi maofesi, zipangizo ndi mabuku awo, chifukwa cha nkhondo.

Dziikeni m'malo mwa nduna ya zachuma ya chigawo pa nthawi imeneyo. Lamulo likukulolani kutolera msonkho monga kale, koma anthu anu afinyidwa kale ndi msonkho wa likulu, ndipo muyenera kudikira kuti likulu litenge zake inu mutole zotsala. Mukangotolera, thandizo lonse latha. Ngakhale mutalimba mtima, makalaliki amene amadziwa mayina a olipira msonkho ndi mabuku amene analembamo zonsezo achoka m'manja mwanu. Zigawo zinayi, South Australia, Victoria, Queensland ndi Western Australia, zinakadandaula ku khoti lalikulu kuti malamulo anayiwo akawaphatikiza cholinga chake ndi chimodzi, kuzilanda mphamvu imene malamulo aakulu anazisiyira. Khoti linayang'ana lamulo lililonse palokha ndipo linawalola onse, ponena kuti kukopa chigawo ndi ndalama si kuchikakamiza, popeza chili ndi ufulu wokana.

Nkhondo inatha, koma dongosololi silinathe. Mu 1957 zigawo za Victoria ndi New South Wales zinabwereranso kukhoti, ndipo ngakhale khoti linathetsa lamulo lakuti msonkho wa likulu uzilipidwa poyamba, linalolabe thandizo lokhala ndi mfundo, lomwe linali msana wa dongosolo lonse. Mpaka lero palibe chigawo cha ku Australia chimene chimatolera msonkho wa pa malipiro a munthu, chikhalirecho mphamvu yochitira zimenezo sinachotsedwe m'malamulo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mu 1997 khoti lomwelo linagamulanso kuti ndalama zimene zigawo zinkalipiritsa ogulitsa fodya zinali msonkho wa mtundu umene ndi wa likulu lokha, ndipo chigamulocho chinagwetsanso zofanana nazo za pa mowa ndi mafuta a galimoto. Kuyambira mu 2000 boma lalikulu limatolera msonkho wa 10 peresenti pa malonda a katundu ndi ntchito n'kugawira zigawo ndalamazo. Zotsatira zake n'zakuti likulu limatolera pafupifupi magawo anayi mwa asanu a misonkho yonse ya dzikolo, pamene zipatala za boma, masukulu a boma ndi apolisi ambiri zili m'manja mwa zigawo.

Kuipa kwa zimenezi n'kwakuti wotolera ndalama ndi wina, wogwiritsa ntchito ndi wina, ndipo wovota sadziwa woti amufunse. Odwala akachuluka pa mzere wa kuchipatala, chigawo chimati likulu silinatumize ndalama zokwanira, likulu limati chigawo chikuwononga, ndipo onse awiri amakhala ndi mfundo. Likulunso limayamba kulamulira nkhani zimene si zake, pongomangirira mfundo pa thandizo: tikupatsani ndalama za sukulu mukachita zakutizakuti. Apa ndionjezepo kanthu kamene omenyera ufulu wa zigawo sakonda kumva, kakuti atsogoleri a zigawo nawonso amazolowera moyo umenewu, chifukwa n'kosavuta kudandaula za likulu kusiyana ndi kukweza msonkho wekha n'kukaonana ndi ovota. Mu 2016 nduna yaikulu Malcolm Turnbull inapereka ganizo lakuti zigawo ziyambirenso kuika gawo lina la msonkho wa pa malipiro, ndipo atsogoleri ambiri a zigawo anakana.

Njira yokopa ndi ndalamayi ilinso kwina, koma makhoti ena anaiikira malire. Ku United States zaka zoyambira kumwa mowa ndi nkhani ya zigawo, koma lamulo la mu 1984 linati chigawo chololeza anthu osafika zaka 21 kugula mowa chidzataya poyamba 5 peresenti ya ndalama zina za misewu zochokera ku likulu. Chigawo cha South Dakota chinakadandaula, ndipo khoti lalikulu linati mu 1987 chilango chochepa chotere ndi kukopa chabe. Mu 2012 khoti lomwelo linakana pamene likulu linaopseza kuchotsa ndalama zonse za thandizo la chipatala la anthu osauka kwa chigawo chokana kukulitsa thandizolo, ponena kuti pamenepo chigawo sichikhalanso ndi chosankha. Kwa ine maganizo amenewa ndi olondola kuposa a oweruza a ku Australia a mu 1942, chifukwa ufulu wokana umene ungagwetse bajeti yonse ya chigawo ndi ufulu wa pakamwa chabe, ngakhale ndikudziwa kuti kupeza malire enieni a pakati pa kukopa ndi kukakamiza n'kovuta, ndipo khoti la ku United States nalonso silinatchule nambala.

Nanga ngati zigawo za ku Australia zili pa umphawi wotere, dzina la fedulo likuzithandiza chiyani? Likuzithandiza pa chinthu chimene ndalama sizingagule. Likulu likhoza kuzimana ndalama, koma silingatseke nyumba zawo za malamulo, silingachotse atsogoleri awo, ndipo silingasinthe malire awo popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo ya chigawocho ndi ovota ake. Pa nthawi ya mliri wa mu 2020 zimenezi zinaonekera poyera, pamene chigawo cha Western Australia chinatseka malire ake kwa anthu ochokera m'zigawo zina ngakhale boma lalikulu silinakondwere nazo, ndipo khoti lalikulu linalola kutsekako.

Dziko la Denmark limasonyeza mbali inayo. Ndi la boma limodzi, koma makhonsolo ake ali ndi chinthu chimene zigawo za ku Australia zinataya, pakuti amadziikira msonkho wa pa malipiro, womwe umakhala pafupifupi 25 peresenti, ndipo amayendetsa okha masukulu a pulayimale, malo osamalira ana ndi chisamaliro cha okalamba. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku khonsolo ya ku Denmark ili ndi manja omasuka pa ndalama kuposa zigawo za m'maiko ena a fedulo. Komabe pa 1 Januwale 2007, potsatira malamulo wamba a nyumba ya malamulo ya ku Copenhagen, makhonsolo pafupifupi 270 anaphatikizidwa n'kutsala 98, maboma akale onse a pakati pa makhonsolo ndi likulu anathetsedwa, ndipo m'malo mwake munabwera zigawo zisanu zoyang'anira zipatala zomwe sizinapatsidwe mphamvu yotolera msonkho. Makhonsolo analoledwa kusankha anzawo ophatikizana nawo, koma chigamulo chakuti kuphatikizana kuchitike chinali cha likulu.

Mukafuna kudziwa kumene dziko lililonse laima, yambani ndi ndime yonena za kasinthidwe ka malamulo aakulu, muone ngati zigawo zili ndi mawu pamenepo, kenako mufufuze ngati pali ndime yolola likulu kuimitsa boma la chigawo kapena kudula malire ake, ndiponso ngati khoti lingathe kuliletsa. Pamenepo mwadziwa mwini mphamvu. Mukatero tsekulani bajeti ya chigawo, muone kuti pa ndalama zake ndi zingati zimene chimatolera chokha pa mlingo umene chadziikira, zingati zimene zimabwera kuchokera ku likulu motsatira ndondomeko yokhazikika, ndi zingati zimene zimabwera ndi mfundo kapena mwa kufuna kwa nduna. Mukayeza motere mupeza kuti Scotland ili ndi msonkho wa pa malipiro umene Queensland ilibe, koma nyumba ya malamulo ya Queensland singatsekedwe ndi aphungu a ku Canberra, likulu la Australia, monga mmene ya Northern Ireland inatsekedwera ndi a ku London mu Malichi 1972.